Fumbi la chilimwe lisatengedwe mwachibwana

Ukangofika mwezi wa Ogasiti, munthu woima pa mlatho wa Bua pa msewu wa M5 ku Nkhotakota amaona kuti thambo lasintha. Mapiri a kumadzulo, omwe amaoneka bwino mvula ikangotha, amabisika m'chifunga chotuwa. Dzuwa limalowa lofiira ngati khala la moto, ndipo m'makomo ambiri ana amayamba kutsokomola. Anthu amangoti ndi nyengo yake. Nyuzipepala ino ikuti nyengo ili ndi mbali yake, koma gawo lina la chifungachi limachokera m'manja mwa anthu, ndipo gawo limenelo lingachepetsedwe.

Fumbi limayamba ndi nthaka youma komanso yosaphimbika. Kuyambira Meyi, mphepo ya mwera imaomba kuchokera kummwera chakummawa, mvula ili italeka. Ikamadutsa panyanja imautsa mafunde, koma ikafika pamtunda imapeza minda yokololedwa ndi misewu yadothi. Apa imadumphitsa timchenga, ndipo kamchenga kalikonse kakagwa kamamenya dothi n'kutulutsa fumbi losalala ngati ufa. Masana a Seputembala ndi Okutobala nthaka imatentha kwambiri, mpweya wotentha umakwera ndi fumbilo, monga amachitira kamvuluvulu pabwalo la mpira. Nthawi yomweyo tchire likupsa, ndiye utsi umasakanikirana ndi fumbi m'mwamba.

Chomwe chimachititsa fumbi kuyenda ulendo wautali ndi kuchepa kwake. Akatswiri amaliyeza ndi mayikiloni, ndipo mayikiloni 1,000 ndiwo amapanga milimita imodzi. Tsitsi la munthu ndi lonenepa mayikiloni 50 mpaka 70. Mchenga wa kugombe ndi wolemera, umagwa pomwepo. Koma kafumbi ka mayikiloni 10 kamatsika mamita pafupifupi 700 okha patsiku mpweya ukakhala bata. Kakakwezedwa makilomita atatu m'mwamba, kamatenga masiku anayi kuti kafike pansi. Ngati mphepo ya kumwambako ikuyenda makilomita 30 pa ola, pa masiku anayiwo kamakhala kayenda makilomita pafupifupi 3,000, mtunda woposa katatu kutalika kwa dziko la Malawi. Kafumbi ka mayikiloni awiri ndiye katsika mamita osakwana 30 patsiku, choncho kwenikweni kamadikira mvula kuti ikagwetse. N'chifukwa chake mvula yoyamba ikagwa, mapiri amaonekanso mawa lake.

Kumadzulo kwa Africa, anthu amadziwa bwino nkhaniyi. Kumeneko mphepo youma yotchedwa hamatani imaomba kuchokera m'chipululu cha Sahara kuyambira cha kumapeto kwa Novembala mpaka Malichi, ndipo ndege zimalephera kutera m'mizinda ina ya ku Nigeria chifukwa oyendetsa saona bwalo. Fumbi lambiri limachokera m'chigwa cha Bodélé ku Chad, pomwe kale panali nyanja yaikulu imene inauma. Kafukufuku wa bungwe la NASA yemwe anatuluka mu 2015 anapeza kuti chaka chilichonse matani pafupifupi 182 miliyoni a fumbi amachoka ku Sahara kulowera kunyanja ya Atlantic, ndipo matani oposa 27 miliyoni amakagwa m'dera la Amazon ku South America. Kumeneko limakhala ngati feteleza chifukwa lili ndi fosiforasi. Mu Juni 2020, mtambo waukulu wa fumbi lomweli unaphimba zilumba za Caribbean n'kukafika ku America.

Fumbi la ku Sahara si limene limabisa mapiri ku Bua. Chifunga cha kuno ndi fumbi la m'minda ndi m'misewu, kuphatikizapo utsi wa moto wolusa wa m'Malawi muno ndi wa m'maiko oyandikana nawo. Mu Ogasiti ndi Seputembala chaka cha 2000, akatswiri a kafukufuku wotchedwa SAFARI 2000 anauluka ndi ndege kummwera kwa Africa, ndipo anaona utsi wa moto wa m'tchire ukuyenda ngati mtsinje mpaka kutulukira kunyanja ya India. Choncho moto woyatsidwa ndi wosaka mbewa pafupi ndi nkhalango ya Nkhotakota sumathera pamenepo, ndipo utsi wa anzake a kutali nawonso umafika ku Bua.

Vuto loyamba ndi la kuona. Tifumbi ndi utsi timabalalitsa kuwala kwa dzuwa, kotero kuti chinthu chakutali chimafanana mtundu ndi thambo. Msodzi wa bwato amene amadalira phiri kapena mtengo wa kugombe pobwerera kudoko akhoza kusochera, makamaka mwera ukamukankhira kumpoto. Kusiyanitsa nkhungu ndi fumbi n'kosavuta. Nkhungu ndi yoyera, yonyowa, ndipo imachoka dzuwa likakwera. Fumbi ndi utsi ndi zotuwa kapena zofiirira, zimakhala tsiku lonse ndipo zimayabwa pakhosi. Usiku wozizira, mpweya wozizira umakhala pansi n'kutsekereza utsi ngati chivundikiro cha mphika, ndiye chifukwa chake mmawa m'zigwa mumanunkha utsi kwambiri.

Vuto lachiwiri ndi la umoyo. Fumbi lalikulu limakodwa m'mphuno ndipo munthu amaliyetsemula. Tifumbi tosaposa mayikiloni 10 timalowa m'chifuwa, pamene tosaposa mayikiloni awiri ndi theka timafika mkati mwenimweni mwa mapapo. Odwala mphumu, makanda, okalamba ndi odwala mtima ndiwo amayamba kuvutika. M'chigawo choyambira ku Senegal mpaka ku Ethiopia, matenda oumitsa khosi amabuka kwambiri m'nyengo ya fumbi, ndipo mliri wa mu 1996 ndi 1997 unapha anthu pafupifupi 25,000. Fumbi silimabala kachilombo, koma mpweya wouma ndi fumbi zimakanda mkati mwa mphuno ndi pakhosi, kachilomboko n'kupeza polowera.

Apa ndi pamene mabanja ayenera kuchenjera. Chifuwa chilichonse cha mu Okutobala sichichokera ku fumbi. Chikadutsa masabata awiri, munthu akayezetse chifuwa chachikulu cha TB. Mwana amene akupuma mofulumira, nthiti zikulowa mkati, athamangire naye kuchipatala tsiku lomwelo chifukwa chingakhale chibayo. Mayi wosesa pabwalo ayambe wawaza madzi, ndipo khanda lisakhale kumbuyo pamene akusesa. Nsalu yapakamwa imatchinga fumbi lalikulu lokha, pamene tating'ono kwambiri timadutsa.

Mwera palibe angauletse, koma nthaka yophimbika ndi mapesi siuluka. Mlimi amene amatentha mapesi mu Ogasiti amasiya munda wake pambalambanda kwa miyezi itatu, ndipo dothi limene mphepo imatenga ndi lapamwamba lomwe lili ndi chonde. Pamenepo wataya chonde, ana ake nawo apuma utsiwo. Mafumu a m'mbali mwa Bua ali ndi mphamvu yokhazikitsa malamulo a m'mudzi oletsa kutentha tchire mwachisawawa, ndipo awagwiritse ntchito chilimwe chisanafike. Nthambi yoona za nyengo, yomwe imachenjeza asodzi za mwera pa wailesi, izinenanso masiku amene chifunga chakula, kuti wa bwato ndi wa minibasi pa M5 adziwe asananyamuke.