Kukumbukira si kuphunzira, anzanga

Sabata yatha pa buleki ndinatsutsana ndi mnzanga wa mu Fomu 2. Iye akuti anaiphunzitsa ChatGPT pa foni ya achimwene ake kuti mbuzi yawo dzina lake ndi Mwandida, ndiye panopa yaloweza basi. Ine ndikuti ayi, sinaphunzire. Yangolembera penapake.

Mkati mwa pulogalamuyi muli modelo, ndipo modeloyo ndi manambala mabiliyoni amene anakonzedwa pa nthawi yoiphunzitsa. Manambalawo ndi amene amasankha mawu oti abwere. Ukamacheza nayo, manambalawa sasintha olo limodzi.

Nanga dzina la mbuzi lija likumbukika bwanji? Apa pali memore. Pulogalamu imasunga chiganizo chachifupi pa akaunti, monga chakuti mbuzi ya munthuyu ndi Mwandida, komanso imatha kuyang'ana macheza akale. Ukayamba macheza atsopano, imatenga zimenezo n'kuzipereka kwa modelo limodzi ndi funso lako. Zili ngati mwana wasukulu woyankha akuyang'ana m'kope. Mulandeni kopelo, muone.

Fayinichuningi ndi ina. Akatswiri amasonkhanitsa zitsanzo zambirimbiri za mafunso ndi mayankho abwino. Modelo imayesa kuyankha, kompyuta n'kuyeza pamene yaphonya, kenako n'kusintha manambala aja pang'ono, mobwerezabwereza. Uku ndiye kuphunzira, ngati kupalasa njinga: kope silifunikanso. Koma sizichitika pa foni yako usiku womwewo, ndipo chiganizo chimodzi cha mbuzi sichingaphule kanthu.

Kusiyanitsa kwake n'kosavuta. Mu ChatGPT tsegulani Temporary Chat, amene sagwiritsa ntchito memore, kapena lowani pa akaunti ya munthu wina. Dzina la Mwandida likasowa kumeneko, ndiye kuti linali m'kope, osati m'mutu. Kufufuta macheza kokha si umboni, chifukwa zimene zinasungidwa mu memore zimatsala mpaka mutazifufuta pazokha.

Mnzangayo ali ndi mfundo imodzi yoona. Macheza athu angathe kudzagwiritsidwa ntchito pophunzitsa modelo yam'tsogolo ngati batani lolembedwa Improve the model for everyone lili loyatsa. Komabe zimenezo ndi za pambuyo pake, zosakanikirana ndi macheza a anthu ena ambirimbiri, ndipo mungalizimitse.

Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti ambirife tilibe foni zathuzathu, timabwereka. Memore sidziwa kuti wagwira foni ndi ndani, imangodziwa akaunti. Ukalembapo za mavuto a fizi kapena za amene umamufuna, mawa achimwene angazipeze pa mndandanda wa zosungidwa, mwinanso zingatulukire mu yankho lawo. Choncho pa foni yobwereka gwiritsani ntchito Temporary Chat, ndipo zachinsinsi musalembepo n'komwe. Za mbuzi zokha lembani, Mwandida sadandaula.