Chithunzi cha kanyali kofiira sichinena matenda a galimoto

Loweruka lina madzulo, ndili pakhonde kuchonga mayeso a Fiziki a ana a Fomu 3, foni inalira. Anali alamu anga amene amayendetsa Sienta, kunyamula anthu pakati pa Rumphi boma ndi kunyanja. Anatumiza chithunzi pagulu la banja lathu la WhatsApp: dashibodi ya galimoto, pakona pake kanyali kofiira kooneka ngati batire. Panalibe mawu ngakhale amodzi. Moni panalibe, funso panalibe.

Mphindi zisanu zisanathe, madokotala anali atachuluka. Msuweni wathu wa ku Joni anati batire latha, agule lina. Wina anati ndi fyuzi. Azakhali analemba kuti Mulungu awatsogolere, ndipo kunena zoona pa onsewo iwo okha ndi amene sananame.

Ine sindine makaniko. Zochepa zimene ndikudziwa ndinaziphunzira mowawa. Chaka china kanyali komweka kanayaka pa kagalimoto kanga, ndinathamangira kukagula batire latsopano ndi ndalama imene ndinasungira feteleza, koma patangopita masiku awiri galimoto inazimanso panjira ya ku Bolero. Mkulu wina wokonza magalimoto, amene anthu amangomutchula kuti adada, ndiye anandikhazika pansi. Sanayambe n'kutsegula boneti. Anayamba n'kundifunsa mafunso ngati ndili kuchipatala, mpaka ndinayamba kuipidwa. Kenako ndinazindikira kuti funso lililonse linkachotsa matenda amodzi pa mndandanda umene anali nawo m'mutu.

Kanyali kameneka kamapusitsa anthu chifukwa cha maonekedwe ake. Kajambulidwa ngati batire, koma chimene kamanena n'chakuti batire silikulandira moto. Amene muli ndi sola kunyumba mumvetsa msanga. Batire limasunga, panelo ndi imene imadzaza. Pagalimoto ntchito ya panelo imagwiridwa ndi alitaneta, kamakina kozunguzidwa ndi lamba kuchokera ku injini. Batire limangolizitsa injini. Ikalira, alitaneta ndi imene imadyetsa magetsi onse n'kumabwezeranso m'batire. Choncho kanyaliko kakayaka injini ikuyenda, nthawi zambiri wolakwa si batire. Akhoza kukhala lamba, alitaneta yeniyeniyo, kapena waya womasuka. Zitatuzi pachithunzi zimaoneka chimodzimodzi, koma china chimakulolani kufika kugalaja pang'onopang'ono, pamene china chingaphe injini m'mphindi zowerengeka.

Ndinawaimbira alamuwo m'malo molemba. Funso langa loyamba linali lakuti, "Alamu, pojambula paja injini imalira kapena munali mutazimitsa?"

Ena angaone ngati funso lachibwana, koma popanda yankho lake chithunzicho n'chachabe. Mukatembenuza kiyi osaliza injini, tinyali tonse timayaka, ka batire, ka oyilo, ka injini, chifukwa galimoto ikudziyesa yokha. Zimenezo si matenda. Ngakhale galimoto yongotuluka kumene m'fakitale imatero. Anthu ambiri akachita mantha amaima, kuzimitsa, kutembenuzanso kiyi n'kujambula, ndiye wolandira chithunzi amaona tinyali tambirimbiri n'kuyamba kulota matenda amene palibe. Alamu anati injini inkalira, ndipo ikulirabe. Anali ataima pambali pa msewu wa M1, chapakati pa chitunda cha Chiweta, akuchokera kunyanja ndi anthu odzaza komanso madengu a usipa.

Ndinafunsa kuti kanayaka bwanji: kanayamba n'kuphethira masiku apitawo, kapena kanangoyaka kamodzi n'kukhazikika? Apa ndi pamene nkhani imagawikana. Alitaneta ikamatha, kawirikawiri imachenjeza. Mkati mwake muli timakala tiwiri timene amakaniko amati mabulashi, ndipo tikamaperepeseka kanyali kamayaka n'kuzima, lero kuoneka mawa osaoneka. Lamba womasuka nayenso ali ndi khalidwe lake: amalira tswiii m'mawa poliza injini, kapena mukangowoloka madzi nthawi ya dzinja, kanyali n'kuyaka pang'ono kenako n'kuzima lamba akauma. Waya womasuka amakonda kuonetsa ukali wake pamabampu, monga mumsewu wafumbi wopita ku Nyika. Koma kanyali koyaka mwadzidzidzi n'kukhala chiyakire, pagalimoto imene inali bwinobwino, kamandipatsa maganizo ena.

"Kanangoyaka kamodzi," anatero. Ndinafunsa ngati anamva kaphokoso kalikonse. Anaganiza kaye, kenako anati pokhota pena anamva ngati chinthu chamenya kunsi kwa boneti, phwa, koma ankayesa mwala. Anawonjezera, ngati nkhani yosafunika, kuti kwa sabata yathunthu galimotoyo inkalira tswiii m'mawa uliwonse.

Ndinawauza kuti azimitse injini nthawi yomweyo, mafunso ena tipitiriza itazima.

Chifukwa chake ndi ichi. Ma Sienta ndi ma Probox ambiri amene tikukwera kuno ali ndi injini yotchedwa 1NZ, ndipo pa injini imeneyi lamba amene amazunguza alitaneta ndi yemweyo amene amazunguza pampu ya madzi oziziritsa injini. Lamba akaduka, alitaneta imaima ndipo kanyali ka batire kamayaka pompo. Pampu nayo imaima, koma iyo ilibe kanyali kakekake. Madzi amangosiya kuzungulira mwakachetechete, injini n'kuyamba kutentha. Magalimoto ang'onoang'ono ambiri ochokera ku Japan alibenso singano yoonetsa kutentha. Ali ndi kanyali kobiriwira kapena kabuluu kosonyeza kuti injini idakazizira, ndi kofiira kamene kamayaka zinthu zitafika kale poipa. Tsono taganizani galimoto yodzaza, ili pa giya yotsika, ikukwera Chiweta popanda madzi ozungulira. Mutu wa injini imeneyi ndi wa aluminiyamu. Ukatentha kwambiri umapindika, gasiketi imapsa, madzi n'kusakanikirana ndi oyilo. Ndalama yokonzera zimenezo ingagule malamba ambirimbiri.

Funso lomaliza linali lofuna maso: tsegulani boneti, muunike ndi tochi ya foni mbali imene kuli alitaneta, lamba alipo? Ndinawachenjeza kuti asayerekeze kutsegula chitsekerero cha rediyeta injini ili yotentha, chifukwa madzi ake amatumpha n'kuwaula nkhope. Patapita kamphindi ndinamva akuseka chosekera mantha. Mapule onse anali mbulanda. Chidutswa cha lamba chinali chitakodwa kunsi.

Akanamvera malangizo oyamba aja, akanati batire tikagula ku boma, n'kupitiriza ulendo. Sindikukhulupirira kuti akanafika ndi ku Phwezi komwe.

Tiyerekeze kuti lamba anapezeka ali m'malo mwake, wolimba bwino. Pamenepo yankho likanasintha kwambiri. Pampu ya madzi ikanakhala ikugwira ntchito, ndiye vuto likanangokhala la magetsi: galimoto ikuyendera moto wotsala m'batire. Munthu wotero angathe kuyenda kamtunda kukafika pamalo a anthu, atazimitsa wailesi, fani ndi zoziziritsa m'galimoto, ndipo asazimitse injini panjira chifukwa sitata imadya moto wambiri. Ndi mtunda wautali bwanji, zimadalira ukalamba wa batire, ndipo usiku umafupika kwambiri poti nyali zakutsogolo simungazizimitse. N'chifukwa chake ngakhale funso lakuti "muli pati, ndipo kwada kapena kudakawala?" lili m'gulu la mafunso ofufuzira matenda. Pofika kugalaja, makaniko wabwino amayeza ndi mita. Batire labwino, injini itazima, limaonetsa mavolti pafupifupi 12.6. Injini ikalira, nambala iyenera kukwera kufika pakati pa 13.5 ndi 14.5. Ikakhala pa 12 pomwepo kapena kumatsika, alitaneta sikudzaza, ndipo batire latsopano lidzangotha ngati langa lija.

Pali chizolowezi china chimene ndimachiona m'magalaja a pansi pa mtengo: kuzula waya wa batire injini ikulira, ati kuti aone ngati alitaneta ikugwira. Pa magalimoto akale a kabuleta anthu ankapulumuka nazo. Pa amakonowa, amene ali ndi kompyuta yoyendetsa injini, magetsi akhoza kudumpha n'kuwotcha kompyutayo. Mukaona munthu akutenga sipanala kuti achite zimenezo pagalimoto yanu, mufunseni ngati alibe mita.

Sindikuwadzudzula kwambiri alamu anga chifukwa chotumiza chithunzi chokha. Munthu ali pachitunda, anthu akudandaula kumbuyo, netiweki ikubwera n'kuthawa, bandulo ili pafupi kutha. Komanso iye sadziwa kuti kalikonse mwa zimene waona ndi kofunika. Phokoso lija analiyesa mwala, kulira kwa m'mawa anali atakuzolowera. Amene ndimawaona olakwa ndi ife olandira. Timachita manyazi kufunsa, poopa kuoneka ngati sitidziwa, ndiye timaponya dzina la chipangizo kuti tioneke akatswiri. M'kalasi ndimakumana nazo zomwezi: mwana akabwera n'kunena kuti "Sala, yankho langa silikugwirizana ndi la m'buku," ndikangomuuza yankho lolondola ndiye kuti sindinamuthandize. Ndiyenera kuona pamene anayambira kusochera. Kusiyana kwake n'kwakuti mwana akalakwitsa timafufuta ndi labala, pamene woyendetsa galimoto akapatsidwa yankho longopeka amalikhulupirira n'kuponda mafuta.

Ena amakwiya akafunsidwa. Amati, "Inu ingondiuzani tanthauzo la kanyalika." Tanthauzo lake lili m'kabuku ka galimoto, ngakhale kuti timabuku tambiri timabwera m'Chijapanizi. Koma chimene munthu ali panjira akufuna kudziwa kwenikweni n'chakuti ayende kapena aime, ndipo yankho limenelo silili pa dashibodi. Ngati kulemba kukuvuta, jambulani mawu kwa theka la mphindi: galimoto yanji, muli pati, injini ikulira kapena ayi, kanyali kayaka liti ndipo mumatani, mwamva kapena kununkhiza chiyani, ndiponso ndani anaigwira komaliza. Funso lomalizali adada aja amalikonda kwambiri, chifukwa amati matenda ambiri a galimoto amayamba tsiku limene inakonzedwa.

Kwa alamu anga zinalidi choncho. Anthu aja anawakweza m'minibasi ina, iwo anagona m'galimoto, ndipo m'mawa mnyamata wa kugalaja anabwera pa njinga yamoto ndi lamba wina, atatenga nambala yolembedwa pa chidutswa chija. Pomanga anapeza kuti bawuti yokokera alitaneta, imene imalimbitsa lamba pa injini imeneyi, inali yosamangitsa. Masabata awiri m'mbuyomo wina anamasula alitanetayo pokonza zina, ndipo pobwezera sanaikoke mokwanira. Lamba ankaterereka, kutentha, kuperepeseka, mpaka anadukira pa Chiweta. Anadikira kuti aone ngati madzi a m'rediyeta akuchepa kapena ngati oyilo wasanduka ngati tiyi wamkaka, koma zonse zinali bwino. Atayeza ndi mita injini ikulira, inaonetsa 14.1. Batire lija, limene gulu lonse linaliweruza kuti lafa, likadali m'galimotomo mpaka lero.