Tatopa Kugula Kachasu pa Mtengo wa Bulande

Ife amene tikudandaula pano ndife eni timabala ndi timashopu ta mowa m'misika ya kutali ndi tauni, pamodzi ndi amayi amene amatumidwa kukagula vinyo wa pa chinkhoswe ndi pa ukwati. Ambirife sitikwera basi kukapikula tokha, chifukwa ndalama ya ulendo imadya phindu lonse. Timaitanitsa pa foni. Wogulitsa amatitumizira chithunzi cha katoni pa WhatsApp, ife timatumiza ndalama, katundu n'kubwera pa minibasi. Apa ndi pamene akutipwetekera. Botolo ndi lenileni, lebulo ndi yeniyeni, koma za m'katimo ndi mowa wotchipa wosungunula ndi madzi, aupaka mtundu kuti ufanane ndi bulande kapena wisiki. Kasitomala akalawa n'kulavula, wakuba amakhala ife amene tili pa kauntala, osati uja ali m'tauni.

Mavutowa atiphunzitsa kuwerenga chithunzi, ndipo tikufuna anzathu amve mmene timachitira. Tifotokoze za katoni ina ya bulande, mabotolo 12 a 750 ml, imene mnzathu wina anatsala pang'ono kulipira. Chithunzi choyamba chinali cha katoni yotsegula, chojambulidwa chapamwamba, moti zinkaoneka ndi zitsekerero zokha. Chithunzi chotero sichinena kanthu. Tinamuuza kuti apemphe china: mabotolo onse atulutsidwe, aimikidwe pamzere pa tebulo losapendekeka, kuwala kukhale kumbuyo kwawo, ndipo foni ikhale molingana ndi makosi a mabotolowo.

Chitafika, choyamba kuonekera chinali mlingo wa mowa. Kufakitale amadzaza ndi makina, ndiye mabotolo a katoni imodzi mowa wake umalekezera pafupifupi malo amodzi, moti ukhoza kuyala lula pa chithunzipo. Apa sizinali choncho. Mabotolo ena mowa unafika pafupi ndi chitsekerero, ena unatsikira chakumapewa. Khosi la botolo ndi lopapatiza, m'kati mwake ngati masentimita awiri basi, kotero mamililita atatu okha amakweza kapena kutsitsa mowa ndi sentimita yathunthu. Munthu wothira ndi fanulo kuseri kwa nyumba sangalinganize mabotolo 12 mpaka pamenepo. Wogulitsayo anati ndi kutentha. Kutentha kumakwezadi mowa m'khosi, izo n'zoona, koma kumakweza onse pamodzi. Mabotolo ogona m'katoni imodzi sangasiyane chifukwa cha dzuwa.

Kenako tinakuza chithunzi pa zitsekerero. Chitsekerero cha chitsulo chopepuka chija chimakhala ndi kamphete m'munsi, kolumikizidwa ndi timano ting'onoting'ono kuzungulira khosi. Ukapotokola koyamba timanoto timaduka, umamva kuti thee, kamphete n'kutsalira pa khosi. Pa botolo losatsegulidwa, mpata wa pakati pa chitsekerero ndi kamphete umakhala wofanana mbali zonse, timano tonse tikuoneka. Pa mabotolo anayi a m'katoni ija mpatawo unali waukulu mbali imodzi, mbali inayo wothinana, ndipo penapake pankanyezimira guluu wouma. Pa botolo lina chitsulo chinali ndi timabala ta pulayala, mazinga ake opindika, pamene makina amasiya mazinga akuya mofanana ndi osalala. Ena amabisa zonsezi povekapo pulasitiki yofinya ndi madzi otentha. Imeneyo imadziwika ndi makwinya, komanso nthawi zambiri ilibe mzere wa timabowo tong'ambira.

Lebulo ndiyo imafuna diso lodekha, ndipo timavomereza kuti payokha siyokwanira kumutcha munthu wakuba, pakuti ngakhale makina nthawi zina amaphonya pang'ono. Koma taonani: botolo lagalasi lili ndi misoko iwiri yotsika m'mbali, yochokera ku chikombole. Pa mabotolo a ulendo umodzi lebulo imakhala pa msinkhu umodzi kuchokera pansi, ndipo yakumbuyo imayang'anizana bwino ndi yakutsogolo. M'katoni ija malebulo awiri anapendekeka poyerekeza ndi msoko, ina inali ndi matuza ndi m'mphepete motuwa, ngati pepala limene linanyowapo n'kuuma. Ndipo titapempha chithunzi cha manambala a fakitale, aja amadinda pa galasi kapena pa lebulo yakumbuyo, anapezeka osiyanasiyana, pomwe mabotolo a katoni yosatsegulidwa kawirikawiri amakhala a nambala imodzi. Mabotolowo anachita kutoledwa m'malo osiyana. Mnzathuyo sanatumize ndalama, ndipo wogulitsayo anasiya kuyankha foni.

Amayi a vinyo nawo ali ndi zawo. Vinyo watsopano amayenera kufika m'khosi, pang'ono pansi pa chitsekerero. Mabotolo ambiri a vinyo ali ndi nambala yotumphuka chakunsi kwa galasi, monga 63 mm, yonena mtunda wochokera pakamwa pa botolo kufika pamene vinyo ayenera kulekezera. Vinyo wa chaka chatha akatsikira pamapewa, chitsekerero chitatukuka pansi pa kachipewa kake, kapena pakhosi pali mzere wofiira wouma, ndiye kuti anaphikidwa ndi dzuwa m'galimoto kapena m'shedi ya malata, mwinanso anatsegulidwapo. Ngakhale asakhale wachinyengo, vinyo wotero amakachititsa manyazi pamaso pa ankhoswe.

Chimene chimatiwawa kwambiri n'chakuti chithunzi chili ndi malire, ndipo akubawa amawadziwa. Amajambula mopendeketsa foni kuti mlingo usaoneke. Amajambula mumdima. WhatsApp nayo imachepetsa chithunzi mpaka timano ta kamphete n'kusanduka chimbuuzi, n'chifukwa chake timapempha kuti atumize posankha Document. Ena amajambula katoni yeniyeni n'kukweza ina pa minibasi, ndiye timafuna kuti manambala a pa chithunzi akafanane ndi a mabotolo ofika. Ndipo alipo amene amagula zitsekerero zatsopano ndi kamakina kofinyira, moti ntchito yawo diso silingaigwire. Choopsa kuposa zonse, methanolo saoneka pa chithunzi chilichonse. Alibe mtundu, fungo lake silisiyana kwenikweni ndi la mowa. Mamililita 10 okha akhoza kuchititsa munthu khungu, 30 akhoza kupha, ndipo zizindikiro zimachedwa, mwina maola 12 mpaka 24: mutu, kusanza, kuona ngati chifunga. Munthu wotero athamangire naye kuchipatala ndi botolo lomwe, osadikira kuti matsire atha. Ife timagulitsa kwa abale athu, aphunzitsi a ana athu, anzathu a mumpingo. Tulo sitipeza tikaganiza kuti imfa ya mmodzi wa iwo ikhoza kudutsira m'manja mwathu.

Inu a mahoselo, tipatseni lisiti yolembapo manambala a mabotolo, ndipo musamakwiye tikapempha chithunzi chachiwiri. Inu eni mabala akuluakulu ndi malo ogona alendo m'tauni, mabotolo opanda kanthu amene anyamata amadzagula ali ndi malebulo ndi zitsekerero zake, mukuganiza kuti akupita kuti? Ng'ambani lebulo, phwanyani chitsekerero musanawatulutse. Inu opanga ndi oitanitsa mowa kunja, sindikizani zithunzi zooneka bwino za chitsekerero chanu chenicheni, ndipo mukasintha kapangidwe mutiuze, chifukwa takanapo katundu wabwino poyesa ngwachinyengo. Ndipo inu oyendera malonda, mukafika pa msika pathu musangolanda mabotolo n'kutilipiritsa ngati ndife tathira. Nambala za foni za otigulitsa tili nazo, mauthenga a ndalama tili nawo, zithunzi tinasunga. Tifunseni, tikupatsani zonse.