Atelala, kanema wa mphindi imodzi si malo operekera malonje

Mwezi wathawu mayi ena amene amasoka pakhonde la nyumba yawo ku Area 15 anandionetsa kanema amene mwana wawo anawajambulira kuti aziika pa Status. Ndinayatsa sitopuwotchi ya pafoni kuti ndione nthawi. Masekondi 22 oyambirira anathera pa moni, dzina la bizinesi, chaka chimene anayamba kusoka, ndi kuthokoza makasitomala onse amene akhala akuwakhulupirira. Kenako anayamba kutchula: masuti, mayunifolomu a sukulu, makatani, zilundu, madiresi a ukwati, zigamba. Pomwe mphindi imatha, ndinali ndisanaone chovala n'chimodzi chomwe bwinobwino, ndipo nambala yawo inangothwanima pamapeto n'kuzimiririka.

Mayiwa amasoka bwino, ndinagwira ndekha msoko wawo. Foni ya mwana wawoyo nayonso ndi yabwino kuposa yanga. Chimene chinasowa ndi pepala. Anaima kutsogolo kwa kamera asanalembe zoti anene, ndiye anayankhula momwe Mmalawi aliyense wolemekezeka amayankhulira akalandira mlendo. Ine ndikuti kanema wotsatsa malonda ayenera kuyamba walembedwa, ndipo zolembazo zigulitse chovala chimodzi chokha, kwa munthu mmodzi, poyankha mafunso amene munthuyo ali nawo kale mumtima.

Ndikudziwa kuti ena anyinyirika kuti kulumpha moni n'kupanda ulemu. Koma taganizani komwe kanemayu akukaonedwera. Munthu ali mu minibasi yochoka m'tauni kupita ku City Centre, chala chili pagalasi la foni, bandulo ikutha, ndipo kumbuyo kwa kanema wanu kwandanda ena makumi awiri. Iyeyu sanabwere kwanu, mwamupeza panjira. Moni wautali mudzamupatsa tsiku limene adzafike pakhonde ndi chitenje chake m'jumbo. Pafoni, ulemu ndi kusamutayitsa nthawi.

Ndiye tinakhala pansi ndi mayiwa, kope pamwendo. Funso langa loyamba linali lakuti: pa zonse mumasokazi, n'chiyani chimene anthu amabwerera kwambiri miyezi ino? Anati madiresi a chitenje a pachinkhoswe. Basi, kanema ndi wa diresi limenelo. Makatani ndi mayunifolomu adikire akanema awo. Zinawavuta kuvomera, chifukwa telala aliyense amaopa kuti akapanda kutchula masuti ndiye kuti wofuna suti apita kwina. Koma mndandanda wa zinthu zisanu ndi chimodzi susiya chithunzi chilichonse m'mutu mwa woonera, pamene diresi limodzi losokedwa bwino limauza ngakhale wofuna suti kuti manja awa amadziwa ntchito.

Funso lachiwiri ndi limene ambiri amalizemba. Kodi munthu akamaganiza zopereka chitenje chake kwa telala wachilendo, amaopa chiyani? Tonse tikudziwa yankho, chifukwa tonse zinatichitikirapo kapena zinachitikira mlongo wathu. Amaopa "mubwere mawa" amene satha, mpaka tsiku la mwambo lifika chovala chili pa makina. Amaopa kuti nsalu imene anagula modula kumsika wa ku Area 2 idulidwa molakwika. Amaopanso kufunsa mtengo n'kuchita manyazi. Mawu ngati "timasoka zapamwamba" kapena "mitengo yabwino" sayankha mantha amenewa, chifukwa ngakhale telala amene anakukhumudwitsani uja ankanena zomwezo. Chimene chimayankha ndi masiku owerengeka, mtengo wooneka, ndi zimene zichitike chovala chikathina.

Tsopano pa kuchuluka kwa mawu, apa ndi pamene anzanga ambiri amene tinaphunzira nawo zofalitsa nkhani amapunthwa. M'kalasi tinkauzidwa kuti mphindi imodzi imalowa mawu pafupifupi 150. Muyezo umenewo ndi wa Chingerezi. Liwu limodzi la Chichewa ngati "ndimakuyezani" lanyamula zimene Chingerezi chimanena m'mawu atatu, ndipo lili ndi maphatikizo asanu ndi limodzi. Mukalemba mawu 150 a Chichewa, muwerenga mothamanga ngati wolengeza uthenga wa maliro pawailesi nthawi itamuthera. Poyesa ndi mayiwa, mawu 80 kapena 90 ndi amene analowa, mpata wopumira ulipo. Njira yodziwira ndi imodzi: werengani mokweza, sitopuwotchi ikuyenda. Mukafika pa masekondi 55 musanamalize, dulani chiganizo, osati kuwonjezera liwiro.

Pepalalo tinalijambula mzere pakati. Kumanzere tinalemba zimene diso liona, kumanja zimene khutu limva. Zinatuluka chonchi.

Masekondi asanu oyamba, mtsikana wavala diresi akutembenuka pang'onopang'ono pabwalo, kuwala kwa dzuwa la m'mawa kukumuwomba kutsogolo. Mawu: "Chitenje cha mamita anayi chimene mwasunga mu sutikesi chikhoza kukhala diresi ili."

Mpaka sekondi 20, kamera yayandikira. Dzanja likutembenuza m'mphepete mwa diresi kuonetsa mkati, kenako zipi, kenako foni ikulowa m'thumba. Mawu: "Ndi diresi la pachinkhoswe, lofika m'mawondo, la layining'i mkati, zipi yake yobisika kumbuyo. Lili ndi matumba awiri, foni imalowa."

Mpaka sekondi 35, mayiwa akuyeza munthu ndi tepi n'kulemba m'buku. Mawu: "Mukabwera ndimakuyezani ndekha. Pakatha masiku atatu mumadzayesa, pakatha masiku asanu mwatenga. Pakathina kapena pakakhwepa, ndimakonza osalipiritsa."

Mpaka sekondi 48, makina akusoka, mtengo walembedwa pagalasi m'zilembo zazikulu. Mawu: "Mtengo wosokera ndi umene mukuuonawu, mukabwera ndi chitenje chanu. Theka mumapereka poyamba, pa Airtel Money kapena Mpamba."

Masekondi otsalawo, mayiwa akuyang'ana kamera, nambala ili pansi. Mawu: "Ndili ku Area 15, ku Lilongwe. Tumizani chithunzi cha chitenje chanu pa WhatsApp, pa nambala iyi, ndikuuzani tsiku lobwera."

Onse pamodzi ndi mawu 83. Koma sanabwere chonchi ulendo woyamba, ndipo zimene tinakonza ndi zimene ndikufuna muzione.

Poyamba tinalemba kuti "pa tsiku lachitatu mumadzayesa, pa tsiku lachisanu mumatenga." Papepala zinkaoneka zomveka. Titawerengera mtsikana amene amawathandiza kusita, anafunsa kuti, "Nanga munthu akabwera Lachinayi?" Iye anamva Lachitatu ndi Lachisanu, masiku a pasabata. Khutu silimva kusiyana kwa chilembo chachikulu ndi chaching'ono. N'chifukwa chake zolemba za kanema muyenera kuziwerengera munthu amene sanazione, kenako mum'funse kuti wamva chiyani: chikugulitsidwa n'chiyani, ndi zingati, atenga liti, achite chiyani tsopano. Akalephera chimodzi, vuto ndi zolemba zanu, osati iyeyo.

Masiku asanuwo nawonso tinakangana nawo. Mayiwa ankafuna tinene masiku awiri, poti diresi lotere amalimaliza tsiku limodzi ndi theka. Ndinawafunsa kuti, nanga magetsi akazima tsiku lonse, ovaloku ndi ayironi zigwira bwanji? Nanga anthu asanu akabwera sabata imodzi chifukwa cha kanema yemweyu? Lonjezo la m'kanema limakhala pafoni ya kasitomala, akhoza kukuseweretsani pamaso panu. Lembani masiku amene mungakwanitse pa sabata yoipa.

Nkhani ya mtengo ndi imene ndimatsutsana nayo kwambiri ndi amalonda a pa Facebook. Chizolowezi cholemba "inbox for price" chakhazikika, ndipo chifukwa chake ndimachimvetsa: atelala amaopa kuti mnzawo wa pafupi atsitsa mtengo, komanso amafuna kuona kaye munthuyo asanatchule ndalama. Koma kubisa mtengo kumathamangitsa munthu wamanyazi amene ndalamayo anali nayo, n'kukusiyirani mauthenga makumi atatu a "zingati?" amene mukawayankha amangoti zii. Vuto lenileni ndi lakuti mitengo ya ulusi, zipi ndi layining'i ikusintha pafupipafupi. Ndiye tinachita zoti mtengo usatuluke pakamwa koma ulembedwe pagalasi, pamodzi ndi mwezi wake. Zinthu zikakwera, mwana wawo angosintha zolembazo mu CapCut, osajambulanso kanema yense. Ndipo mawu akuti "mukabwera ndi chitenje chanu" musawasiye, apo ayi wina adzabwera chimanjamanja akuganiza kuti nsalu ili momwemo.

Zolemba pagalasi zili ndi ntchito inanso. Anthu ambiri amaonera Status foni ili chete, kuofesi, m'kalasi, kapena mwana akugona pambali. Tinayesa kuonera kanemayo titatseka mawu. Zinthu zinayi ziyenera kuwerengeka ngakhale choncho: masiku asanu, mtengo, Area 15, nambala. Chiganizo chonse musachilembe pagalasi, palibe amene angawerenge ndime diresi likuzungulira. Ndipo nambala ikhale masekondi khumi athunthu, chifukwa munthu amafunika aimitse kanema kapena ajambule galasi la foni yake.

Pa malo, kungoti Area 15 sikufikitsa munthu pakhomo. Ma Area a ku Lilongwe ngakhale obadwira konkuno amatisokoneza, poti manambala ake satsatana ndi momwe malowo anayalidwira. Koma kuthera masekondi 15 mukufotokoza kuti mukhote pa mtengo wa mango n'kuononga kanema, ndipo kwa munthu wosokera pakhomo si nzeru kulengeza geti lake kwa aliyense wa pa TikTok. Njira yeniyeni mudzatumiza pa WhatsApp kwa amene walemba.

Chomaliza chimene tinadula ndi mapemphero a kumapeto aja: tiimbireni, titsatireni, gawanani ndi anzanu, bwerani mudzaone. Munthu ukamutuma zinthu zinayi nthawi imodzi sachita n'chimodzi chomwe. Tinasiya chimodzi, chopepuka, chimene angachite ali pomwepo: kujambula chitenje chake n'kutumiza. Chimathandizanso atelala, chifukwa akaona nsaluyo amadziwiratu ngati maluwa ake akufuna kulumikizidwa mosamala ndiponso ngati mamitawo akwana.

Pojambula, mayiwa anayesa kuloweza mawu onse ndipo anauma ngati mwana wolakatula ndakatulo pa tsiku lotsekera sukulu. Tinasiya zimenezo. Tinajambula zithunzi padera, kenako iwo anakhala m'chipinda, chitseko chotseka, makina atazimitsidwa, n'kuwerenga chiganizo chimodzichimodzi pafupi ndi foni. Liwu lakuti "yobisika" linkawakola lilime, iwo amati "yosaoneka", ndiye tinafufuta langalo n'kulemba lawolo. Chiganizo chomaliza chokha ndi chimene ananena akuyang'ana kamera, ndipo anachibwereza kanayi.