Kuyerekeza ndalama zotsatsira malonda ndi zogulitsa pa pivoti tebulo ya Excel

Pivoti tebulo ndi chida cha mu Excel chomwe chimatenga mndandanda wautali wa manambala n'kuuwonkhetsa m'magulu, popanda munthu kulemba fomula pa gulu lililonse. Kwa wabizinesi amene akutsatsa malonda m'njira zingapo nthawi imodzi, chidachi chimamuonetsa kuti kwacha iliyonse yomwe yapita ku kampeni yakutiyakuti yabweretsa makwacha angati. Kudina kwake n'kosavuta. Chimavuta n'chakuti pivoti imawonkhetsa chilichonse chimene yapatsidwa, cholondola ndi cholakwika chomwe, ndipo yankho lolakwika limaoneka laudongo ngati lolondola.

Ntchito imayambira pa mndandandawo. Tiyerekeze sitolo ya nsapato yomwe yatsatsa kwa masabata anayi pa wailesi, pa Facebook, ndiponso pogawa timapepala m'misika. Mndandanda wake ukhale ndi makolamu anayi, mitu yake ili mu mzere woyamba: Sabata, Kampeni, Zolipira ndi Zogulitsa. Mzere uliwonse ukhale wa kampeni imodzi m'sabata imodzi, kutanthauza mizere 12 yonse pamodzi. Pasakhale mzere wopanda kanthu pakati, timabokosi tophatikizidwa, kapena mzere wa chiwonkhetso pansi, pakuti pivoti imatenga chiwonkhetsocho ngati kampeni yachinayi n'kuwerengera ndalama zonse kawiri. Kudina Ctrl+T kumasandutsa mndandandawo tebulo lenileni, ndipo mizere yowonjezedwa pambuyo pake imalowa yokha m'gwero la pivoti.

Pali kulakwitsa kumodzi kwa pa gawoli komwe kumawononga zonse. Kawirikawiri zogulitsa zimalembedwa risiti ndi risiti, pomwe ndalama yotsatsira ndi imodzi pa kampeni yonse. Wina akakopera ndalama ya wailesi pa mzere wa risiti iliyonse pogwiritsa ntchito VLOOKUP, pivoti idzaiwonkhetsa kambirimbiri malinga ndi kuchuluka kwa malisitiwo. Malisiti 80 a wailesi adzasandutsa K600,000 kukhala K48 miliyoni. Njira yotetezeka ndi kupatsa ndalama yotsatsira mzere wakewake, pomwe Zogulitsa ndi 0, ndipo mizere ya malisiti ikhale ndi 0 pa Zolipira. Chizindikiro cha vutoli sichibisika: chiwonkhetso cha Zolipira mu pivoti chiyenera kufanana ndi ndalama zimene zidatulukadi m'thumba, ndipo ndi bwino kuziyerekeza musanakhulupirire nambala ina iliyonse.

Pivoti yeniyeniyo imapangidwa podina kabokosi kalikonse m'tebulomo, kenako Insert ndi PivotTable, n'kusankha kuti ikhale pa tsamba latsopano. Kudzanja lamanja kumabwera mndandanda wa mitu inayi ija ndi mabokosi anayi: Filters, Columns, Rows ndi Values. Kampeni amaikokera ku Rows, pomwe Zolipira ndi Zogulitsa zimapita ku Values. Pa sitolo yathu yoyerekezayi, wailesi yadya K600,000 n'kubweretsa K2,400,000, Facebook yadya K200,000 n'kubweretsa K1,100,000, ndipo timapepala tadya K100,000 n'kubweretsa K250,000.

Mutu wa kolamu ukalembedwa Count of Zolipira m'malo mwa Sum of Zolipira, ndiye kuti Excel yapeza timabokosi tomwe sikuwona ngati manambala. Zimachitika kwambiri munthu akalemba K50,000 pamodzi ndi chilembo K, kapena manambala akakopedwa kuchokera kwina n'kufika ngati mawu. Kusintha Count kukhala Sum mu Value Field Settings sikuchiritsa nthendayo, chifukwa timabokosi ta mawuto timangodumphidwa ndipo chiwonkhetso chimachepa mwakachetechete. Manambalawo akonzedwe m'tebulo momwemo. Vuto lina lofanana nalo ndi la mayina: Facebook yolembedwa ndi kampata kumapeto imaoneka ngati kampeni ina, ndipo pivoti imatulutsa mizere iwiri ya dzina limodzi. Fomula ya TRIM imachotsa timipata toterete.

Poyang'ana zogulitsa zokha, wailesi yapambana kutali. Koma yadyanso ndalama zochuluka katatu kuposa Facebook, choncho pakufunika nambala yachitatu, ya zogulitsa kugawa ndi zolipira, yomwe otsatsa malonda amaitcha ROAS. Imawonjezedwa podina mkati mwa pivoti, kenako PivotTable Analyze, Fields, Items, & Sets ndi Calculated Field. Pa Name palembedwe ROAS, ndipo pa Formula palembedwe izi:

```
= Zogulitsa / Zolipira
```

Wailesi ikupereka 4.0, Facebook 5.5, timapepala 2.5, ndipo mzere wa Grand Total ukupereka 4.17, kuchokera pa K3,750,000 kugawa ndi K900,000. Amene adachonga Add this data to the Data Model popanga pivoti adzapeza Calculated Field yazimiririka osadinika; chosavuta ndi kupanganso pivotiyo osachonga pamenepo. Kampeni yomwe sidadye ndalama iliyonse idzaonetsa #DIV/0!, ndipo izi zimabisidwa mu PivotTable Options pa For error values show.

Ambiri amadutsa njira yachidule: amawonjezera kolamu ya ROAS m'tebulo, mzere ndi mzere, n'kuuza pivoti kuti itenge Average. Yankho limatuluka, koma n'labodza, ndipo masabata anayi a Facebook akuonetsa chifukwa chake. Sabata yoyamba sitoloyo idangoyesa ndi K10,000 n'kugulitsa za K120,000, zomwe ndi 12. Sabata yachiwiri K40,000 idabweretsa K240,000, ndiye 6. Yachitatu K70,000 idabweretsa K350,000, ndiye 5, ndipo yachinayi K80,000 idabweretsa K390,000, pafupifupi 4.9. Avareji ya manambala anayiwa ndi pafupifupi 7.0, pomwe zoona zake ndi 5.5. Kusiyanaku kwabwera chifukwa avareji yapatsa sabata ya K10,000 mphamvu yofanana ndi sabata ya K80,000, ngati kuti ndalama zidagawidwa mofanana. Calculated Field simachita zimenezo: imayamba yawonkhetsa Zogulitsa zonse, n'kuwonkhetsa Zolipira zonse, kenako n'kugawa. Pa chifukwa chomwecho, 4.17 ya Grand Total ndi yolondola ngakhale avareji ya 4.0, 5.5 ndi 2.5 ndi 4.0.

Khalidwe lomwelo lowonkhetsa kaye limasanduka msampha pochulukitsa. Fomula ya mtengo kuchulukitsa ndi chiwerengero cha nsapato ikaikidwa mu Calculated Field, Excel imawonkhetsa mitengo yonse n'kuichulukitsa ndi nsapato zonse, n'kutulutsa nambala yaikulu yopanda tanthauzo. Kuchulukitsa kotere kuchitikire m'tebulo, mzere ndi mzere, ndipo kugawa kwa ROAS kuchitikire mu pivoti.

Masabata a Facebook aja ali ndi nkhani inanso, yomwe imaoneka Sabata ikakokeredwa ku Columns kapena pansi pa Kampeni mu Rows. ROAS ikutsika pamene ndalama zikukwera: 12, 6, 5, 4.9. Kuchoka sabata yachitatu kufika yachinayi, K10,000 yowonjezera idabweretsa K40,000 yowonjezera, kutanthauza 4 pa kwacha iliyonse, chimodzimodzi ndi wailesi. Mwini sitolo amene waona 5.5 n'kuganiza zochotsa K600,000 yonse ku wailesi kuiponya ku Facebook akuyembekeza zomwe manambala ake sakulonjeza. Nambala ya 5.5 ikunena za ndalama zomwe zidapita kale, pomwe ndalama yotsatira idzabweza molingana ndi kumene ROAS ikulowera, ndipo ikulowera pansi.

ROAS payokha sinenanso ngati kampeni yapindulitsa, pakuti zogulitsa si phindu. Tinene kuti pa K100 iliyonse yogulitsa, sitoloyo imatsala ndi K30 ikachotsa mtengo wooda nsapato. Kuti kampeni ingobweza ndalama zake, ROAS iyenera kufika 1 kugawa ndi 0.3, yomwe ndi 3.33. Calculated Field yachiwiri, ya dzina loti Phindu, imaika zimenezi poyera:

```
= Zogulitsa * 0.3 - Zolipira
```

Wailesi yatsala ndi K120,000 ndipo Facebook yatsala ndi K130,000, ngakhale idagulitsa zosakwana theka la zomwe wailesi idagulitsa. Timapepala, tomwe timaoneka ngati tabweza ndalama kawiri ndi theka, tabweretsa phindu la K75,000 pa K100,000 yomwe tidadya, ndiye kuti sitolo yaluza K25,000. Fomulayi ikugwira ntchito chifukwa 0.3 ndi yofanana pa katundu yense. Ngati nsapato za sukulu zili ndi phindu losiyana ndi za paukwati, phindu liwerengedwe pa risiti iliyonse m'tebulo, pivoti ingowonkhetsa.

Malire aakulu a ntchito yonseyi ali pa kolamu ya Kampeni. Excel sidziwa chomwe chidakopa wogula. Imangokhulupirira zomwe wa pakauntala adalemba. Masitolo ena amafunsa wogula kuti wamva kuti, ena amaika nambala ya foni yosiyana pa kampeni iliyonse, kapena kachizindikiro kochotsera mtengo pa kapepala. Njira zonsezi zimadontha. Munthu atha kumva pa wailesi Lolemba, n'kuona chithunzi pa Facebook Lachinayi, n'kutchula Facebook yokha pogula. Makasitomala akale, omwe akadabwera ngakhale popanda kutsatsa, ayenera kukhala ndi gulu lawolawo, apo ayi amakometsa kampeni yomwe sidawabweretse. Nthawi nayo imasokoneza: kampeni yomwe yagwera kumapeto a mwezi anthu atalandira malipiro, kapena sukulu zili pafupi kutsegulidwa, idzaoneka yamphamvu kuposa inzake yapakati pa mwezi. N'chifukwa chake makampeni amayerekezedwa m'masabata ofanana, ndipo ngati tebulo lili ndi madeti enieni, kudina deti ndi batani lakumanja n'kusankha Group kumawaika m'miyezi, kapena m'magulu a masiku 7 posankha Days.

Pivoti siidzisintha yokha manambala akasintha m'tebulo. Mizere ya sabata yachisanu ikalowa, pafunika kudina Refresh, kapena Alt+F5, apo ayi lipoti lidzapitiriza kuonetsa za sabata yatha. Kuti izi zisaiwalike, mu PivotTable Options, pa tsamba la Data, muli Refresh data when opening the file, yomwe imakonzanso pivoti nthawi iliyonse failo ikatsegulidwa. Nambala iliyonse yokayikitsa ingathe kufufuzidwa poidina kawiri: Excel imatsegula tsamba latsopano lokhala ndi mizere yonse yomwe idapanga nambalayo, ndipo risiti yolembedwa kawiri kapena yoikidwa pa kampeni yolakwika imapezeka pamenepo.