Telala watsopano asathamangire makina a magetsi

Wachinyamata akamaliza maphunziro a zosoka, maso ake amathamangira pa makina oyera a magetsi omwe amaoneka okongola m'masitolo a ku Limbe kapena ku Lilongwe. Koma ngati ndalama yake ndi yokwanira makina amodzi okha, nzeru ndi kugula akuda achitsulo aja, omwe agogo athu ankasokera.

Chifukwa choyamba aliyense akuchidziwa: magetsi. M'midzi yambiri mulibe, ndipo m'tauni amathima osatsanzika. Namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, atelala odalira magetsi ankakhala manja lende kwa maola ambiri pamene anzawo apakhonde akupalasa. Kasitomala wofuna diresi la chinkhoswe Loweruka samva za Escom.

Chachiwiri chili m'mimba mwa makinawo. Makina ambiri otsika mtengo a magetsi anapangidwira mayi wosoka kunyumba mwa apo ndi apo, ndipo magiya ake ena ndi apulasitiki. Akamagwira ntchito tsiku lonse, kusoka jinzi ndi khaki, mano a giya amatha kapena kuthyoka, kenako telala amayamba kuzungulira tauni kusaka chipangizo chosapezeka. Makina akuda ndi chitsulo chokhachokha. A Butterfly, ochokera ku China, anatengera kapangidwe ka Singer 15, choncho bobini, shatulo ndi singano zake zili mbwee m'misika, ndipo amakaniko ake amapezeka pafupifupi pa boma lililonse.

Pa nkhani ya kulimba, Singer yakale yomwe inkapangidwa ku Clydebank m'dziko la Scotland, fakitale isanatsekedwe mu 1980, ilibe mnzake. Koma dzina lisapusitse munthu: Singer yapulasitiki ya masiku ano ndi nyama ina. Butterfly imatsatira, ngakhale kuti pali mitu ina yongomatidwa dzinalo yomwe chitsulo chake ndi chopepuka. Juki ndi makina a magetsi olimba zedi, othamanga ngati a kufakitale, koma ndi okwera mtengo ndipo ndi a munthu yemwe wapeza kale makasitomala.

Komatu makina opukusa ndi dzanja ali ndi chilema chake. Dzanja lamanja limakhala pa chogwirira, ndiye nsalu imatsala ndi dzanja limodzi. Posoka msoko wowongoka palibe vuto, koma pa kolala ya shati kapena polumikiza mkono, nsalu imaterera ndipo msoko umakhota. Taganizani za mtsikana yemwe walandira ntchito ya mayunifolomu 30 sabata ziwiri sukulu zisanatsegulidwe mu Seputembala. Ndiye kuti tsiku lililonse ayenera kumaliza awiri kapena atatu, kudula, kusoka ndi mabatani omwe. Ndi dzanja limodzi atha, koma phewa lidzamuuza.

Apa ndi pomwe mutu wakuda umapambana. Mutu womwewo, akachotsa chogwirira n'kuuika pa tebulo lopalasa ndi mapazi, lamba wachikopa amazunguza gudumu ndipo manja onse awiri amamasuka. Bizinesi ikakula, amagula kamota kakang'ono n'kukamangira kumbali kwa mutuwo. Magetsi akathima, amachotsa lamba wa mota n'kubwezera wopalasira. Wogula makina apulasitiki alibe mwayi umenewu.

N'zoona kuti makina akudawa amasoka msoko wowongoka wokha. Alibe zigizagi, ndiye mabowo a mabatani amasokedwa pamanja kapena kukalipira kwa mnzako. Ndi vuto ndithu, koma si lotseketsa shopu.

Pogula makina ogwiritsidwa kale ntchito, munthu asapite chimanjamanja. Atenge kansalu ka jinzi ndi ka chitenje. Agwire kachitsulo konyamula singano n'kukagwedeza. Kakamasewera uku ndi uku, makinawo atha. Azunguze gudumu pang'onopang'ono n'kumvetsera ngati pali pomwe likulimba kapena kugogoda. Kenako apinde jinziyo kanayi, aike singano ya nambala 16 kapena 18, asoke, n'kutembenuza nsaluyo. Ulusi ukamapanga malupu kunsi, kawirikawiri ndiye kuti wapamwamba walekerera, ndipo zimatheka pongomanga kaye tenshoni. Koma makina akamadumpha masitichi ngakhale singano ili yatsopano komanso yoikidwa bwino, ndiye kuti shatulo yatha kapena sikukumana ndi singano pa nthawi yake. Pamenepo mtengo utsike, chifukwa makaniko akudikira. Pa chitenje asinthe singano, aike ya nambala 14, aone ngati nsalu sikukwinyika.

Ndipo makinawo akafika pakhomo, asawathire mafuta ophikira monga amachitira ena. Mafutawo amauma n'kusanduka phula, gudumu n'kuyamba kulemera. Kabotolo ka mafuta enieni a makina kamakhala miyezi ingapo, chifukwa dontho limodzi pa bowo lililonse ndi lokwanira.