Nambala inapita, ndalama zikudulidwabe

Kalaliki wa pa esiteti ya tiyi kuno ku Thyolo akataya simukhadi, ndalama ya makanema a pa intaneti imapitirizabe kudulidwa pa khadi lake la kubanki mwezi ndi mwezi. Akati aletse, amamuuza kuti nambala yachinsinsi yatumizidwa ku foni kapena ku imelo imene alibenso. Poyambira ndi kushopu ya Airtel kapena TNM, chiphaso cha unzika chili m'manja, chifukwa chiyambireni kalembera wa masimukhadi wa 2018, nambala amaibwezera kwa amene dzina lake lili m'kaundula. Tsoka ilo, ambiri kuno analembetsera pa chiphaso cha achimwene awo, komanso nambala ikagona nthawi yaitali imapatsidwa kwa wina. Zikatero, ine ndimati pitani kumene ndalama ikutulukira. Tengani sitetimenti kubanki, muone dzina la kampaniyo, tsiku ndi kuchuluka kwa ndalama, muilembere ndi umboni umenewu. Ikakhala chete, banki itseke khadilo, koma munenetse kuti malipiro a mwezi ndi mwezi asasamukire pa khadi latsopano, poti nthawi zina amalondola. Za GOtv yolipira pa Mpamba musavutike nazo: mukasiya kulipira, imazima yokha.